Nkhono 80 m'maiwe 8: lm, ma avereji, kapena mikisidi modelo?

Ndikukumbukira tsiku limene ndinalowa mu ofesi ya amene ankandiyang'anira pa kafukufuku nditanyamula pepala la zotsatira, mtima uli mbee poti pi-valiyu inali kakang'ono zedi. Iwo pi-valiyuyo sanaiyang'ane nkomwe. Anangotenga bolopeni nkuzunguliza nambala ya `df`, kenako nkundifunsa kuti "Kodi malo amene munapitako anali angati?" Ine ndinati asanu ndi atatu. "Nanga 78 uyu wachokera kuti?" Ndinangoti kukamwa yasa, yankho ndinalibe.

Vuto lake ndi lakalekale, Stuart Hurlbert analemba za ilo mu 1984 m'magazini ya Ecological Monographs ndipo dzina limene analipatsa timangoti sudorepulikesheni, kutanthauza kuwerenga masampulo ambiri a malo amodzi ngati kuti aliyense ndi umboni woima paokha. Koma mpaka lero anthu tikugwabe m'mbuna yomweyo, ndipo ena akauzidwa amangothamangira ku mikisidi modelo osadziwa kuti ikukonza chani, nde amakagwanso m'mbuna ina. Ndiye tiyeni tiziyerekeze njirazi pa deta imodzi.

Manambala ali m'munsimu ndi ongoyerekeza, ndawasankha dala kuti masamu aziyenda mosavuta. Tinene kuti muli ndi maiwe 8, anayi ali pa mthunzi wa mitengo, anayi ali pa dzuwa. M'dziwe lililonse mwatola nkhono 10 nkuyeza kutalika kwa chigoba mu mamilimita, zonse pamodzi nkhono 80. Funso nlakuti kodi nkhono za pa dzuwa ndi zazikulu kuposa za pa mthunzi? Mwapeza kuti kusiyana kwa magulu awiriwa ndi mamilimita 2, za pa dzuwa ndizo zazikulupo. Tinenenso kuti variyansi ya pakati pa maiwe ndi 4, ndipo variyansi ya nkhono ndi nkhono m'dziwe limodzi ndi 4 yomweyo.

Chinthu chimodzi chokha muchigwire kuyambira pano mpaka kumapeto: mthunzi ndi wa dziwe, si wa nkhono. Nkhono zonse 10 za m'dziwe limodzi zili ndi mthunzi wofanana, madzi amodzi, chakudya chimodzi, adani amodzi, mwinanso ndi ana a makolo amodzi. Ndiye musanasankhe modelo iliyonse dzifunseni kuti chinthu chimene ndikufuna kuchiyesachi chimasintha pati, pakati pa malo ndi malo, kapena mkati mwa malo amodzi? Yankho la funso limeneli ndi limene likusankhireni njira.

Rigiresheni wamba pa nkhono zonse

Iyi ndi imene dzanja limangolemba lokha mu R:

```r
m1 <- lm(kutalika ~ mthunzi, data = nkhono)
summary(m1)
```

Kwa `lm` mzere uliwonse wa deta ndi umboni watsopano, za maiwe sadziwa chilichonse. Ndiye akupatsani kusiyana kwa 2, sitandadi era ya pafupifupi 0.6, `t` ya pafupifupi 3.4 pa `df` 78, pi-valiyu cha m'ma 0.001. Zokongola eti? Koma nzabodza. Kusiyana kwa 2 kuja kulibe vuto, kuli bwinobwino, chabodza ndi sitandadi era, yachepa kuposa mmene iyenera kukhalira.

Kuchepa kwake kumawerengeka. Choyamba mupeze ICC, imene imangonena gawo la kusiyana konse limene likuchokera ku maiwe: 4 kugawa ndi 8, nde 0.5. Kenako pali fomula yachidule iyi ya DE, nambala yonena kuti umboni wanu wachepa kangati, pomwe m ndi chiwerengero cha masampulo pa malo amodzi:

```
DE = 1 + (m - 1) * ICC
```

Kwa ife 1 + 9 × 0.5, nde 5.5. Mukagawa nkhono 80 ndi 5.5 mutsala ndi pakati pa 14 ndi 15. Ndiye kuti munagwada m'matope nkutola nkhono 80 koma pa funso la mthunzi umboni wanu ukungofanana ndi nkhono 14 kapena 15 zotoledwa iliyonse m'dziwe lake. Ndipo musamati aaa ICC yanga ndi yaing'ono nde palibe vuto, chifukwa ICC ya 0.05 yokha, mutatola masampulo 30 pa malo, ikupatsani 2.45, umboni wanu wadulidwa kale kuposa pakati. Chimene chimapweteka nchakuti mukamachulukitsa masampulo pa malo omwewo `lm` amanka nadzikhulupirira kwambiri, pi-valiyu nkumangotsika pomwe maiwe akadali 8 omwe aja.

Mungadziwe bwanji kuti zakugwerani? Jambulani galafu ya zotsalira za modelo, dziwe lililonse kabokosi kake:

```r
boxplot(resid(m1) ~ nkhono$dziwe)
```

Zinthu zikakhala bwino mabokosi onse amakhala mozungulira 0. Mukaona dziwe lina bokosi lonse lili pamwamba, lina lonse lili pansi, basi, masampulo anu sakuima paokha. Komano galafu imeneyi ndi yongokutsimikizirani, chifukwa chenicheni munachidziwa kale tsiku limene munapanga pulani yotolera masampulo. Rigiresheni wamba ndi yolondola pokhapokha ngati mzere uliwonse ndi malo akeake, sampulo imodzi dziwe limodzi.

Kutenga avereji ya dziwe lililonse

Njira imeneyi anthu amainyoza kuti ndi yachikale, koma ine ndimaikonda ndipo ndimayamba nayo nthawi zonse. Mumangophatikiza nkhono 10 zija kukhala nambala imodzi, deta nkutsala mizere 8.

```r
av <- aggregate(kutalika ~ dziwe + mthunzi, data = nkhono, FUN = mean)
m2 <- lm(kutalika ~ mthunzi, data = av)
```

Tsopano onani masamu. Avereji ya dziwe limodzi imagwedezeka pa zifukwa ziwiri, dziwelo palokha ndi losiyana ndi ena, imeneyo ndi 4 yathunthu, komanso nkhono 10 zimene zinakugwerani m'manja, imeneyo ndi 4 kugawa ndi 10. Pamodzi 4.4. Poyerekeza maiwe anayi ndi anayi sitandadi era ikubwera 1.48, `t` ikutsikira pa 1.35, `df` ndi 6, pi-valiyu pafupifupi 0.23. Kusiyana kukadali 2 komwe kuja koma malire ake a 95 peresenti tsopano akuyambira pa -1.6 kufika 5.6, pomwe `lm` woyamba uja amatinamiza kuti ndi 0.8 kufika 3.2. Ndiye kuti ndi deta imeneyi simunganene kuti mthunzi ukuchepetsa kukula kwa nkhono, mwina ukutero, mwina munangokumana ndi maiwe awiri achonde amene mwangozi anali pa dzuwa.

Ena amadandaula kuti mwataya deta, nkhono 80 zasanduka 8. Ayi simunataye, nkhono zija zagwira ntchito yake, zapangitsa avereji ya dziwe lililonse kukhala yodalirika, nchifukwa chake 4 wachiwiri uja wagawidwa ndi 10. Zimene sizingachite ndi kusanduka maiwe.

Pomwe njirayi imafooka ndi pawiri. Pena ndi pamene masampulo sali ofanana kuchuluka, dziwe lina munapezamo nkhono 20 lina ziwiri zokha, ma avereji awiriwo amawerengedwa mofanana pomwe ina ndi yogwedezeka kwambiri. Pena ndi pamene funso lanu lili mkati mwa dziwe, monga ngati munalembanso kuya kwa madzi pa malo enieni amene munatola nkhono iliyonse, mukatenga avereji nkhani yonse ya mkatiyo yafufutika.

Kuika dziwe ngati fikisidi ifekiti

Apa mumauza `lm` za maiwe, dziwe lililonse nkukhala ndi nambala yakeyake. Pa funso la kuya, limene limasintha mkati mwa dziwe, njirayi ndi yamphamvu kwabasi:

```r
m3 <- lm(kutalika ~ factor(dziwe) + kuya, data = nkhono)
```

Chilichonse chimene chimasiyanitsa maiwe, kaya munachiyeza kaya simunachiyeze, chimamezedwa ndi manambala a maiwewo, nde silopu ya `kuya` imene yatsala ndi ya mkati mwa maiwe yeniyeni. Osaiwala `factor` ngati maiwe anu munawalemba 1, 2, 3, apo ayi R aganiza kuti dziwe 8 ndi lalikulu kasanu ndi katatu kuposa dziwe 1 nkujambula mzere wopanda tanthauzo.

Koma pa funso la mthunzi njirayi ndi yakufa. Mukadziwa dziwe mwadziwa kale mthunzi wake, nde modelo singalekanitse ziwirizi. Mukalemba dziwe poyamba mthunzi pambuyo, pa mzere wa mthunzi pangotuluka `NA` ndi mawu akuti `1 not defined because of singularities`. Zimenezo nzabwino, zakuchenjezani. Msampha uli pamene mwayamba ndi mthunzi, poti R amataya kolamu yomaliza, `NA` ija imakagwera pa dziwe lomaliza ndipo mthunzi umatuluka ndi nambala yake, ndi pi-valiyu yomwe, ngati zonse zili bwino. Nambala imeneyo si ya mthunzi ayi, ndi kusiyana kwa maiwe awiri okha, loyamba ndi lija latayidwa. Ndinaonapo munthu atailemba mu lipoti ngati chotsatira chachikulu, musamangodumpha `NA` mukamuona.

Ndiye njira iyi isungeni pamene malo anu ndi ochepa, awiri, atatu, anayi, ndipo funso lili mkati mwa malowo, kapena pamene malo enieniwo ndi amene mukufuna kuwayerekeza, osati ngati oimirira malo ena onse.

Mikisidi modelo

Tsopano tafika pa mwini nkhani. Apa simuwerengera dziwe lililonse nambala yomasuka ayi, mumanena kuti maiwe anga 8 ndi ongotoledwa mwa maiwe ambirimbiri, ndipo chimene ndikufuna ndi kudziwa kuti maiwe amasiyana mochuluka bwanji. M'malo mwa manambala 7 owonjezera modelo imawerengera imodzi, variyansi ya maiwe. Imeneyi ndi imene timaitcha randomu ifekiti, ndipo poti mthunzi ukadali fikisidi, modelo ili ndi zonse ziwiri, nchifukwa chake dzina loti mikisidi.

```r
library(lmerTest)
m4 <- lmer(kutalika ~ mthunzi + (1 | dziwe), data = nkhono)
summary(m4)
```

Ka `(1 | dziwe)` kakungonena kuti dziwe lililonse lili ndi poyambira pake. Ndalemba `lmerTest` osati `lme4` yekha chifukwa `lme4` sapereka `df` kapena pi-valiyu pa `lmer`, anachita dala eni ake poti kuwerenga `df` m'mamodelo amenewa si nkhani yophweka, nde `lmerTest` amangowonjezerapo `df` ya njira ya Satterthwaite. Zikatuluka musathamangire pansi, yambani mwaona pamwamba:

```
Groups   Name        Variance Std.Dev.
dziwe    (Intercept) 4        2
Residual             4        2
Number of obs: 80, groups:  dziwe, 8
```

Mzere womalizawo muziuwerenga nthawi zonse, 80 ndi 8, ngati nambala ya magulu sikugwirizana ndi malo amene munapondako ndi mapazi anu pali china chalakwika mu deta. Kenako pansi pa mthunzi mupeza chani? Kusiyana 2, sitandadi era 1.48, `df` 6, pi-valiyu 0.23. Ndendende zimene ma avereji anatipatsa. Si mwangozi, masampulo akakhala ofanana kuchuluka pa malo onse ndipo choyesedwacho ndi cha malo, njira ziwirizi zimapereka yankho limodzi. Nde amene amaganiza kuti mikisidi modelo iwabwezera mphamvu ya nkhono 80 aiwale, ilibe matsenga, imangokana kunama.

Nanga phindu lake lili pati? Lili pomwe ma avereji anafooka paja. Tengani maiwe awiri aja, la nkhono 20 ndi la nkhono ziwiri. `lm` wamba amapatsa loyambalo mawu kakhumi kuposa linzake. Ma avereji amawapatsa mofanana. Mikisidi modelo imayang'ana kugwedezeka kwa avereji iliyonse, loyamba 4 + 4/20 nde 4.2, lachiwiri 4 + 4/2 nde 6, choncho la nkhono zambiri limaposa linzake ka 1.4 basi. Ndipo pamenepo mpomwe pali chilungamo, chifukwa dziwe la nkhono ziwiri likadali dziwe lathunthu, likutiuzabe kanthu za maiwe. Chimodzimodzi mukafuna kulosera za dziwe lililonse palokha, modelo imakokera avereji yake pang'ono kupita ku avereji ya gulu, la nkhono 10 imalikhulupirira magawo 91 pa 100, la nkhono ziwiri magawo 67 okha.

Phindu lina nlakuti mutha kufunsa mafunso onse awiri mu modelo imodzi, mthunzi ndi kuya, ndipo lililonse lidzayesedwa ndi muyeso wake, mthunzi pa `df` ya kufupi ndi 6, kuya pa `df` ya m'ma 70. Apa pali chodabwitsa chimene ambiri sachiyembekezera. Pa chinthu chosintha mkati mwa dziwe, kunyalanyaza maiwe nthawi zambiri kumakupwetekani mbali inayo, sitandadi era imakula m'malo mochepa, poti kusiyana konse kwa maiwe kwathiridwa mu zotsalira, 8 m'malo mwa 4. Ndiye si zoona kuti mikisidi modelo ntchito yake ndi kungopha ma pi-valiyu a anthu, nthawi zina imavundukula zimene `lm` anabisa.

Pamene mikisidi modelo nayo imanama

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe anthu amene "anakonza kale" amagwera.

Choyamba ndi nkhani ya kuya ija. Tiyerekeze kuti maiwe akuya kwambiri ali ndi nkhono zazikulu chifukwa sauma msanga, nkhono zimakhala nthawi yaitali zikukula. Koma mkati mwa dziwe lililonse zazikulu zimapezeka m'mphepete mosaya momwe madzi ndi ofunda. Ndiye pakati pa maiwe silopu ikukwera, mkati mwa dziwe ikutsika. `lm` wamba atha kukupatsani mzere wokwera nkumalemba kuti nkhono zimakonda madzi akuya, zomwe dziwe lina lililonse likutsutsa. Koma nayo `kuya + (1 | dziwe)` sikupulumutsani kwathunthu, imakupatsani silopu imodzi yosakaniza ziwirizo, yosakhala ya mkati, yosakhalanso ya pakati. Mankhwala ake ndi kung'amba kuya pawiri:

```r
nkhono$kuya_av <- ave(nkhono$kuya, nkhono$dziwe)
nkhono$kuya_mkati <- nkhono$kuya - nkhono$kuya_av
m5 <- lmer(kutalika ~ kuya_mkati + kuya_av + (1 | dziwe), data = nkhono)
```

Woyambayo akunena kuti nkhono iyi inali pakuya kapena posaya poyerekeza ndi zinzake za m'dziwe lomwelo, wachiwiriyo akunena za dziwe lonse. Van de Pol ndi Wright ndi amene anaifalitsa njirayi kwa anthu ofufuza za nyama mu 2009. Masilopu awiriwo akatuluka ofanana mutha kuwabwezeretsa pamodzi, akasiyana ndiye kuti mwapeza nkhani yeniyeni ya kafukufuku wanu.

Chachiwiri, `(1 | dziwe)` amalola maiwe kusiyana poyambira pokha, koma amakakamiza onse kukhala ndi silopu imodzi. Ngati m'maiwe ena kuya kumakhudza nkhono kwambiri, m'maiwe ena ayi ndithu, ndiye sudorepulikesheni ija yabwereranso pa khomo la kuseri, modelo ikuwerenga nkhono zonse ngati umboni wa silopu pomwe zoona zake muli ndi masilopu 8. Schielzeth ndi Forstmeier anaonetsa chaka chomwecho cha 2009 kuti zimenezi zimapangitsa malire kukhala opapatiza monyenga. Mumakonza polemba `(1 + kuya_mkati | dziwe)`, nde muona `df` ya kuya ikugwa kuchoka m'ma 70 kubwera kufupi ndi 7. Zimawawa koma ndi momwemo. Vuto nlakuti modelo imeneyi ikufuna kuwerengera zinthu zitatu kuchokera m'maiwe 8, variyansi ziwiri ndi mgwirizano wake, nthawi zambiri imalephera. Ikalephera yesani ndi mizere iwiri, `(1 + kuya_mkati || dziwe)`, imene imachotsa mgwirizanowo. Ikakanikabe ine ndimabwerera ku zachikale zija, ndimawerengera silopu m'dziwe lililonse palokha nkuyesa masilopu 8 amenewo ngati deta.

Chachitatu ndi uthenga uwu, umene aliyense wogwiritsa ntchito `lmer` anauonapo:

```
boundary (singular) fit: see help('isSingular')
```

Pa modelo yathu yosavuta ija zikutanthauza kuti variyansi ya maiwe yatuluka 0. Sikuti maiwe ndi ofananadi, nthawi zambiri ndi chifukwa choti ndi ochepa, kuyeza variyansi ndi manambala atatu kapena anayi kuli ngati kungoponya mwala mumdima. Nchifukwa chake anthu amati randomu ifekiti imafuna malo osachepera 5 kapena 6, si lamulo lolembedwa pamwala koma pansi pa pamenepo zinthu zimagwedera zedi. Choopsa nchakuti variyansi ikakhala 0 modelo yanu yasanduka `lm` woyamba uja mwakachetechete, `df` ya mthunzi nkubwerera pa 78, inu nkumanyadira kuti ndagwiritsa ntchito mikisidi modelo. Zikatero pa choyesedwa cha malo, pitani ku ma avereji, kumeneko `df` imakhala 6 zivute zitani.

Pa chifukwa chomwechi musachotse `(1 | dziwe)` poti mwayesa nkupeza kuti "sinali siginifikanti". Ndi maiwe 8 mayeso amenewo ndi ofooka, ndipo taona kale kuti ngakhale ICC ya 0.05 imaluma. Dziwe lili mu modelo chifukwa cha mmene munatolera deta, osati chifukwa lapambana mayeso.

Chachinayi nchopusa koma chimagwira anthu ambiri, maina a mapuloti. Tinene m'dziwe lililonse munaika mapuloti atatu nkuwatcha A, B, C. Mukalemba `(1 | dziwe) + (1 | puloti)` modelo iganiza kuti puloti A wa m'dziwe loyamba ndi yemweyo wa m'dziwe lachisanu, ndipo pa mzere wa magulu uja muona `puloti, 3` m'malo mwa 24. Lembani `(1 | dziwe/puloti)`, kapena kungopatsa puloti aliyense dzina lakelake mu deta, nkhani yatha.

Zina ndingodutsamo mwachangu. `lmer` amagwiritsa ntchito REML mukapanda kumuuza kanthu, imene ndi yabwino poyeza variyansi, koma mukamayerekeza mamodelo osiyana mafikisidi ifekiti ndi AIC muyenera kuika `REML = FALSE`. Ngati kubwereza kwanu ndi kwa nthawi, dziwe lomwelo mwezi ndi mwezi, dziwani kuti `(1 | dziwe)` amatenga miyezi yonse ngati yofanana ubale, pomwe miyezi yoyandikana imafanana kwambiri kuposa yotalikirana, apo pitani ku `lme` wa mu `nlme` muwonjezere `corAR1`. Ndipo ngati mukuwerenga nkhono m'malo moziyeza, ndiye ndi `glmer` kapena `glmmTMB`, ganizo la maiwe silisintha, kungoti kumeneko mumapatsidwa `z` amene alibe `df`, nde malo akakhala ochepa pi-valiyu yake imachepa kuposa zoona, muziitenga mosamala.

Pali njira inanso imene anzathu a zachuma amaikonda, kusiya `lm` momwe alili nkungokonza sitandadi era potengera magulu, mu R ndi `vcovCL` wa mu `sandwich`. Imagwira ntchito magulu akakhala makumi angapo. Ndi maiwe 8 nayonso imachepetsa sitandadi era, nde kwa ife amene malo athu amawerengeka ndi zala siitithandiza kwenikweni.

Ine pa deta ya nkhonoyi ndikanatani? Funso likanakhala la mthunzi lokha, nkhono 10 paliponse, ndikanalemba za ma avereji basi, aliyense amamva, galafu yake ndi madontho 8 ndipo palibe angakutsutseni. Kuya kukalowapo, kapena maiwe ena akakhala ndi nkhono zochepa, ndikanapita ku `lmer`, koma ndikanayendetsabe ya ma avereji pambali, ziwirizi zikasiyana kwambiri ndimadziwa kuti ndalakwitsa penapake ndipo kawirikawiri ndi pa mzere wa magulu paja. Maiwe akanakhala atatu, funso la mthunzi ndikanangolisiya, ndikanafotokoza zimene ndaona m'dziwe lililonse nkuyesa kuya ndi `factor(dziwe)`.

Ndipo ngati simunapite kale kukatola deta, bwererani ku 4.4 uja mumuyang'anitsitse. Mutati muvutike nkutola nkhono 100 m'dziwe lililonse, zonse 800, nambala ija ikhala 4.04 ndipo sitandadi era ingochoka pa 1.48 kufika pa 1.42, ntchito yochuluka kakhumi phindu losaoneka. Koma nkhono 80 zomwezo mutazitola zisanuzisanu m'maiwe 16, avereji iliyonse igwedezeka pang'ono kuposa kale, 4.8, koma poti mbali iliyonse ili ndi maiwe 8 sitandadi era itsikira pa 1.10 ndipo `df` ikwera kufika 14. Zoyenda zichuluka, nsapato zinyowa kawiri, koma choyezera chija chigwira zigoba 80 zomwe zija.